Mapaketi atatu osafanana ndi mapiritsi opanda bokosi: Thanzi ndi paketi iti, zinki ndi uti?

"Zikomo anamwino. Ndine mayi wa kufupi ndi msika wa Lizulu ku Ntcheu. Mwana wanga wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri wayamba kutsegula m'mimba dzulo madzulo. Wachita kanayi, koma akuyamwa ndipo akusewerako pang'ono. M'jumbo yanga ya mankhwala muli mapaketi atatu osafanana: ina yalembedwa ORS 20.5 g, ina ndi ya Chipwitikizi yalembedwa SRO, ndi kena kakang'ono kojambulidwa lalanje. Mulinso timapepala tiwiri ta mapiritsi oyera, mabokosi ake adatayika. Apongozi akuti ndithire theka la paketi m'kapu kuti ina itsale. Kodi zonsezi ndi Thanzi? Nanga zinki ndimudziwa bwanji?"

Pepani ndi matenda, mayi. Mtima ukhale m'malo: mwana amene akuyamwa ndi kusewera sanafike poipa, ndipo mukhoza kuyamba kumuthandiza pakhomo pomwepo lero lino. Mwachita bwino kufunsa musanasungunule, chifukwa pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi ana odwala ndaona kuti mayi salakwitsa pomwetsa, amalakwitsa posungunula.

Tiyambe ndi paketi imene mwaiwerenga bwinoyo. Zilembo zitatu za ORS ndizo dzina lenileni la mankhwalawa. Thanzi ndi dzina la mtundu umodzi umene udafala kwambiri kuno kwathu, mpaka tonse tidangozolowera kutchula paketi iliyonse kuti Thanzi. Ndiye musadabwe kupatsidwa paketi yoyera kapena yasiliva yopanda mawu akuti Thanzi. Ngati ili ndi zilembo za ORS, ndi yomweyo. Nambala ya 20.5 g ndi kulemera kwa ufa umene uli m'katimo, ndipo kwa ine nambala imeneyi ikundiuza kale kuti paketiyo ndi ya madzi okwana lita imodzi. Uwu ndi muyezo umene Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse pamodzi ndi UNICEF adaulimbikitsa m'chikalata chawo cha 2004, chomwenso chidanena kuti mwana wotsegula m'mimba azipatsidwa zinki. M'magalamu 20.5 amenewo muli shuga wa gulukosi magalamu 13.5, mchere wamba magalamu 2.6, mchere wa potaziyamu magalamu 1.5, ndi wina wotchedwa sitireti magalamu 2.9. Tembenuzani paketiyo, mupeza mizere inayi imeneyi kumbuyo kwake. Paketi ya ufa imene ilibe mndandanda wotere si ORS, ngakhale itakoma bwanji.

Ya Chipwitikiziyo isakuopseni. Anzathu a ku Mozambique, amene pa Lizulu mumangodumpha msewu n'kukhala mwafika kwawo, amalemba zilembo zomwezo mwa dongosolo la chilankhulo chawo: SRO. Mankhwala ndi amodzimodzi. Koma musathire madzi chifukwa choti ine ndanena kuti ndi amodzimodzi. Funani pamene palembedwa kuchuluka kwa madzi. Manambala sasintha chilankhulo. Mukaona 1 litro, ndi lita imodzi, chimodzimodzi 1 litre kapena 1000 ml pa paketi ya Chingerezi. Nthawi zambiri pamakhalanso chithunzi cha jagi kapena botolo, nambala ili pambali pake.

Kakang'ono kalalanjeko ndiko kandidetsa nkhawa, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kakhoza kukhala kuti si ORS n'komwe. M'magolosale mwadzaza timapaketi ta juwisi waufa ndi ta gulukosi womwa othamanga, nato tojambulidwa malalanje. Timeneti ndi shuga yekhayekha, ndipo shuga wochuluka m'matumbo a mwana wotsegula amakoka madzi kuchoka m'thupi, kutsegulako n'kuwonjezeka. Palinso mapaketi a ufa woyeretsera madzi a m'ndowa, amene adagawidwa kwambiri nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023. Awo ali ndi kolorini, amajambulidwa ndowa, ndipo si omwetsa munthu ngati mankhwala. Chachiwiri, ngati kalidi ndi zilembo za ORS, kuchepa kwakeko kukutanthauza kuti si ka lita imodzi. Alipo mapaketi a theka la lita, olembedwa 500 ml, olemera magalamu 10 ndi pang'ono. Alipo ena a kapu imodzi, olembedwa 200 ml, olemera magalamu 4 ndi pang'ono. Onsewa ndi abwino, bola iliyonse ipatsidwe madzi ake. Ngati zolembazo zafufutika moti nambala ya madzi siikuoneka, kasiyeni. Muli nayo kale paketi imene mukuidziwa.

Tsopano mawu a apongozi anu. Sakunena zoipa; akuganiza zosunga, monga mayi aliyense amene adaleredwa podziwa kuti chinthu sichitayidwa. Koma apa kusungako kukhoza kuvulaza mdzukulu wawo, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake kuti mukawafotokozere mwaulemu.

ORS sagwira ntchito chifukwa cha mphamvu ya ufa, ngati mmene tiyi amakomera masamba akachuluka. Amagwira ntchito chifukwa cha kulingana kwa shuga, mchere ndi madzi. M'matumbo muli tinjira timene mchere umalowera m'magazi pokhapokha utaperekezedwa ndi gulukosi, ndipo ziwirizi zikalowa, madzi amatsatira pambuyo. Tinjira timeneti timagwirabe ntchito ngakhale mwana akutsegula. Koma madzi amene mwamwetsawo akakhala okhathamira kuposa magazi a mwanayo, zinthu zimayenda chobwerera: madzi a m'thupi ndiwo amatuluka kupita m'matumbo, mchere n'kuchuluka m'magazi.

Tiwerengere limodzi. Theka la paketi yanu ya 20.5 g likufuna madzi okwana mamililita 500. Kapu ya tiyi imene ambiri tili nayo imalowa mamililita 200 kapena 250. Ndiye theka la paketi m'kapu imeneyo ndi mankhwala okhathamira kawiri kapena kupitirira apo. Wina akathira paketi yonse m'kapu ya mamililita 200, wakhathamiritsa kasanu. Ndikukumbukira mwana wina amene adabwera naye usiku kuchipatala china chimene ndinkagwirako ntchito, ali ndi ludzu losatha, akulira mokuwa, kenako n'kuyamba kukomoka. Mayi ake adali atamumwetsa mokhulupirika tsiku lonse, koma paketi iliyonse ankaisungunula m'kapu imodzi poganiza kuti ikakhala yamphamvu achira msanga. Mwanayo adapulumuka, koma adagona masiku angapo. Mayi uja palibe amene adamuonetsapo pamene palembedwa madzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindipereka paketi ndisanaloze nambalayo ndi chala.

Mwina munganene kuti, chabwino, ndithira theka la ufa m'theka la lita. Pa masamu zikumveka, koma ndi maso simungagawe magalamu 20.5 pakati ndendende, ndipo zinthu zinayi zija sizikhala zosakanikirana mofanana m'paketi monse. Kuwonjezera apo, paketi yong'ambidwa imayamwa chinyezi, makamaka kwanu kumapiriko kumene nkhungu imagona pansi mpaka dzuwa litakwera, ndipo pofika mawa ufawo umakhala utagwirana. Paketi ikang'ambidwa, ithere m'madzi yonse.

Kulakwitsa kwa mbali inayo kuliponso. Mukatenga kapaketi ka 200 ml n'kukathira m'lita yathunthu chifukwa mudazolowera kuti Thanzi ndi lita, ndiye kuti mwanayo akumwa pafupifupi madzi wamba. Ludzu limutha, koma mchere umene akutaya subwerera, ndipo amafookabe inu mukudabwa.

Nanga lita muiyeza ndi chiyani? Chophweka kuposa zonse ndi botolo la madzi ogula lolembedwa 500 ml: mabotolo awiri, odzaza kufika pamene madzi ake ankalekezera, ndiyo lita. Botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi, lija la 300 ml, atatu amakwana mamililita 900 okha, choncho onjezerani gawo limodzi la magawo atatu a botolo lachinayi. Chigubu cha malita awiri ndi chovuta kuchigawa ndi maso chifukwa chimaonda kukhosi. Ngati ndicho muli nacho, thiranimo mabotolo awiri a 500 ml kamodzi, mukande chizindikiro pamene madzi alekezera, chikhale choyezera cha pakhomo panu. Makapu ndi majagi osalembedwa musawakhulupirire.

Kasungunulidwe kake ndi aka. Sambani m'manja ndi sopo. Madzi akhale owiritsa ndi ozizira, kapena othiridwa kolorini amene mwadikira mphindi 30 mutathira. Yezani madziwo poyamba, muthire m'chiwiya chotsuka bwino chokhala ndi chivundikiro, kenako ng'ambani paketi ndi kukhuthulira ufa wonse, mugogode kuti wotsalira m'makona ugwe. Takasani mpaka ufa usaonekenso pansi. Musathire m'madzi otentha, musawiritsenso mukasungunula, ndipo musawonjezere shuga, sikwashi kapena mkaka pofuna kuti akome. Lawani inuyo kaye. Mchere wake usapose wa misozi. Mukamva ngati msuzi wowawa mchere, tayani, china chake chalakwika.

Musanang'ambe, yang'anani zinthu zina ziwiri. M'mphepete mwa paketi mumadindidwa masiku awiri. Lolembedwa MFG ndi tsiku limene adapanga. Limene mukufuna ndi lolembedwa EXP, kapena pa ya Chipwitikizi VAL, ndilo lotha ntchito. Amalemba mwezi ndi chaka, mwachitsanzo 08/2027, kutanthauza kuti ndi yabwino mpaka kutha kwa Ogasiti wa chaka chimenecho. Ambiri amawerenga tsiku lopangira n'kutaya paketi yabwinobwino. Kenako igwedezeni pafupi ndi khutu. Ufa wabwino umayenda ngati shuga wouma. Ngati paketi yauma gwa ngati mwala, yanyowa, yabooka, kapena ufa umene umayenera kukhala woyera wasanduka wachikasu kapena wofiirira, chinyezi chidalowamo. Mapaketi ogula pamsika, amene akhala padzuwa ndi pamvula, muziwayang'ana kawiri.

Kwa mwana wa msinkhu wa wanuyu, wosakwana zaka ziwiri, mlingo ndi mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi. Pa kapu yaikulu ndi kota mpaka theka. Pa supuni yaing'ono ya tiyi ndi masupuni 10 mpaka 20. Wa zaka ziwiri kufika khumi amamwa mamililita 100 mpaka 200, wamkulu amamwa mmene angathere. Mwetsani ndi supuni kapena kapu, pang'onopang'ono, supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri, osati ndi botolo la nsonga. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso modekha kuposa poyamba. Kusanza kamodzi si chifukwa cholekera. Zambiri zimene wamwa zimakhala zitatsala m'thupi.

Ndiye onani: akachita kasanu pa tsiku, amwa pakati pa mamililita 250 ndi 500. Theka la lita ija kapena kuposapo litsala, ndipo apa m'pamene apongozi adzagwire mtima. Koma madzi osungunula amakhala maola 24 okha. Muli shuga, ndipo tizilombo tikalowamo timaswana msanga. Mukasungunula m'mawa uno, mawa nthawi yomweyo tayani zotsala, mutsuke chiwiya, musungunule paketi yatsopano. Ngati kutaya kukupweteka, imwani inuyo zotsalazo nthawi isanakwane. Mayi woyamwitsa sizimuvulaza. Ku kiliniki ya m'mudzi ndi kuchipatala cha boma mapaketiwa ndi aulere, ndipo mlangizi wa zaumoyo sadzakukalipirani chifukwa chokapempha ina.

Tibwere ku mapiritsi. Apa ndikupemphani chinthu chimodzi: musazindikire piritsi ndi maonekedwe ake. Zinki wa ana ndi woyera kapena wotuwirako, wobulungira, nthawi zambiri ali ndi kamzere pakati kodulira. Koma amokisilini wosungunuka amene timapereka pa chibayo naye akhoza kuoneka choncho, panado nayenso, ngakhale mapiritsi a kolorini othira m'madzi akumwa. Dzina lili kumbuyo kwa kapepala konyezimirako, lolembedwa mobwerezabwereza kuti ngakhale mutadula pakati lioneke. Kapendeketseni pa kuwala. Mukufuna mawu akuti ZINC, kawirikawiri ZINC SULFATE kapena ZINC SULPHATE, ndipo pa ka ku Mozambique ZINCO. Pambali pake payenera kukhala 20 mg. Mukaonanso mawu akuti DISPERSIBLE, akutanthauza kuti ndi osungunuka okha m'madzi, ndiwo a ana. Kapepala kena kaja kakakhala kuti kalembedwa AMOXICILLIN kapena dzina lina lililonse, kabwezereni m'jumbo. Sikakhudzana ndi matenda a lerowa. Ngati dzina lang'ambika kapena lafufutika pa timapepala tonse tiwiri, musayerekeze. Yambani ndi ORS, timapepalato mupite nato kwa mlangizi wa zaumoyo akaone, akupatseni zinki wodziwika.

Pali nambala ina imene imasokoneza ngakhale anthu ophunzira. Pa timapepala tina amalemba 54.9 mg, kenako 20 mg. Sikuti ndi mapiritsi amphamvu kuposa ena. Nambala yaikuluyo ndi kulemera kwa mchere wonse umene zinki wamangidwamo, yaing'onoyo ndiye zinki weniweni, ndipo ndi imene timawerengera. Zosiyana ndi mabotolo a zinki wa akuluakulu ogulitsidwa m'mafamase, ena a 50 mg. Amenewo musamupatse mwana.

Mlingo wa mwana wanu, popeza wapitirira miyezi isanu ndi umodzi, ndi piritsi limodzi la 20 mg kamodzi pa tsiku. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi limalandira theka, 10 mg, ndipo n'chifukwa chake pali kamzere kaja. Masiku ake ndi 10 mpaka 14. Kapepala kamodzi kamakhala ndi mapiritsi khumi, ndiye kuti ka mwana mmodzi kwa masiku khumi. Werengani otsala pa kanu. Ndikukayika ngati ali okwana, chifukwa timapepala totsalira m'jumbo nthawi zambiri ndi ta mwana amene adaleka pa tsiku lachitatu kutsegula kutasiya. Ngati ndi choncho, yambani ndi omwe alipowo, bola tsiku la EXP lisanadutse, koma mukatenge ena kuti masiku akwane.

Ikani piritsi pa supuni, mudonthezerepo mkaka wa m'mawere, madzi abwino kapena ORS yemweyo pang'ono. Limasungunuka lokha pasanathe mphindi imodzi, osafuna kusinja. Mwetsani zonse za pa supunipo. Musaliponye m'lita ija, chifukwa mwana samaliza lita ndipo zinki wambiri adzatayidwa limodzi ndi zotsala. Zinki amasiya kakomedwe ka chitsulo m'kamwa ndipo ana ena amachita naye nseru, choncho mupatseni atayamwa kapena atadya phala, osati m'mimba muli mbee. Akasanza pasanathe theka la ola, dikirani akhazikike, mumupatse lina.

Chimene ndimalimbana nacho kwambiri ndi amayi ndi kumaliza masiku. ORS amabwezera madzi ndi mchere, koma saletsa kutsegula, ndipo mumasiya kumwetsa kutsegulako kukatha. Zinki ndi wosiyana. Amafupikitsa matendawa ndi kuchepetsa ukali wake, amathandiza matumbo kupola, ndipo mwana amene wamaliza masiku onse amatetezekako ku kutsegula kwina kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Phindu lomalizali ndi limene mumataya mukaleka pakati. Kapepalako kakhale pamalo pamene mumakaona m'mawa uliwonse koma pamene ana sangafikire, ndipo mabowo ake akhale kalendala yanu.

Pitirizani kuyamwitsa, kawirikawiri kuposa masiku onse, ndipo phala lisaleke. Makapisozi ndi mankhwala omanga m'mimba ogula pa okala musamupatse. Anthu akamati ndi mano akumera, musatsutsane nawo, koma mwetsanibe, chifukwa madzi amene akutayika ndi omwewo kaya chayambitsa n'chiyani.

Pali pamene paketi ndi supuni zimalekezera. Nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena usana, mwana akayamba kukana bere kapena kulephera kumwa, akamasanza chilichonse, akafooka moti akungogona osafuna kudzuka, kapena akakomoka. Chimodzimodzi mukaona magazi m'chimbudzi, thupi litatentha, kapena chimbudzi chochuluka chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, chomwe ndi chizindikiro cha kolera ndipo chimatha kumaliza madzi m'thupi pa maola ochepa. Yang'anani maso ngati alowa, ngati akulira popanda misozi, ngati thewera lakhala louma kuyambira m'mawa mpaka masana. Tsinani khungu la pamimba mofatsa n'kulisiya. Likabwerera mochedwa, madzi achepa kwambiri. Liwombo likalowa, si la kumata mankhwala achikuda, ndi madzi amene atha m'thupi, ndipo limabwerera mwana akalandira madzi. Ngati palibe chilichonse mwa izi koma masiku atatu akwana osasintha, pitani naye ndithu.

Chenjezo lina ndi la ana onyentchera kwambiri, otupa mapazi, kapena amene ali pa chiponde. Amenewa musawasamalire nokha pakhomo, chifukwa mtima wawo supirira mchere ndi madzi ngati wa ana ena, ndipo kuchipatala ali ndi madzi awoawo osungunulidwa mosiyana. Khanda losakwana miyezi iwiri nalonso likatsegula, ndi la kuchipatala tsiku lomwelo.

Mukamanyamuka, thirani ORS wosungunula kale m'botolo lotsuka, mutenge ndi supuni, muzimumwetsa m'njira monse, kaya muli pa kabaza kaya mukudikira minibasi. Jumbo ya mankhwala ija itengeninso yonse, kuti amene akakulandireni akaone zimene mwana wamwa kale, ndipo mukawapemphe akuwerengereni kapaketi kalalanje kaja.